Mmene ndinapezera mpata wolemba yemwe owerenga ankamutsekereza pa loko

Pulogalamuyo ndinailemba m'chinenero cha C ndipo imayenda pa Linux. Imasunga tebulo la mitengo ya katundu m'memole. Mathiredi 8 amawerenga tebulolo poyankha makasitomala, ndipo thiredi imodzi imalembamo mitengo ikasintha. Poti owerenga sasokonezana, ndinaika `pthread_rwlock_t`, loko yomwe imalola owerenga ambiri kulowa pamodzi koma wolemba n'kumalowa yekhayekha. Makasitomala akachepa zonse zinkayenda bwino. Akachuluka, mitengo yatsopano inkachedwa kuonekera, ndipo anthu ankapatsidwabe mitengo yakale pamene pulogalamuyo ikuoneka kuti ili bwinobwino.

Ndinayamba ndi kufuna kudziwa ngati pulogalamu yaima kapena ikuyenda. `top` inasonyeza kuti purosesa ili kalikiliki, ndipo mayankho ankatuluka mwachangu. Kenaka ndinalumikiza `gdb` n'kulemba `thread apply all bt`, kupitiriza pulogalamuyo, n'kubwerezanso. Nthawi iliyonse owerenga ankapezeka pa mizere yosiyanasiyana, kusonyeza kuti akugwira ntchito. Wolemba yekha ndiye ankapezeka pamodzimodzi, mkati mwa `pthread_rwlock_wrlock`. Chizindikiro chake n'chimenechi. Mathiredi akamadikirirana kosatha, onse okhudzidwa amaima. Koma wina akamamanidwa mpata, anzake onse amayenda, iye yekha ndiye amatsala.

Chomwe chimachitika n'chakuti wolemba sangalowe kufikira chiwerengero cha owerenga omwe ali mkati chitafika pa 0. Ndipo loko ya glibc, laibulale ya C ya pa Linux, ukaisiya mmene imabwerera, imakondera owerenga: wowerenga watsopano amalowa bola mkatimo muli owerenga anzake, ngakhale wolemba akhale wadikira kale. Zili ngati munthu wofuna kukolopa m'sitolo yemwe wauzidwa kuti ayambe ogula onse akatuluka, koma chitseko chili pululu. Uyu asanatuluke wina walowa kale.

Masamu ake ndi omwe ananditsegula maso. Tinene kuti wowerenga aliyense amagwira loko mamilisekondi 2 n'kukhala kunja milisekondi imodzi. Ndiye kuti pa kamphindi kalikonse mwayi woti ali kunja ndi 1 pa 3. Ngati aliyense akuyenda payekha, mwayi woti onse 8 ali kunja nthawi imodzi ndi 1 pa 6,561. Mukawaonjezera kufika 16, mwayiwo umagwa kufika pa 1 pa 43 miliyoni. Choncho kuonjezera mathiredi kuti makasitomala azithandizidwa msanga ndi komwe kumamupanikiza kwambiri wolemba. Vutoli si lachilendo. Courtois, Heymans ndi Parnas analifotokoza m'chaka cha 1971, ndipo anapereka njira ziwiri, ina yokondera owerenga, ina yokondera olemba.

Ndisanasinthe kanthu, ndinaika `clock_gettime(CLOCK_MONOTONIC, ...)` kumbuyo ndi kutsogolo kwa `pthread_rwlock_wrlock` kuti ndiziyeza nthawi yodikira. Apa sungani nthawi yaitali kwambiri yomwe wolemba wadikirapo, osati avereji. Avereji imakunamizani, chifukwa nthawi za usiku pamene kulibe anthu zimabisa kuchedwa kwa masana.

Kukonza kwake kunali kuuza loko kuti wolemba akafika pakhomo, owerenga atsopano aime kaye:

```c
pthread_rwlockattr_t a;
pthread_rwlockattr_init(&a);
pthread_rwlockattr_setkind_np(&a,
    PTHREAD_RWLOCK_PREFER_WRITER_NONRECURSIVE_NP);
pthread_rwlock_init(&loko, &a);
```

Samalani ndi dzinalo. Palinso lina lofanana nalo, `PTHREAD_RWLOCK_PREFER_WRITER_NP`, koma glibc salilabadira, ndipo loko imapitiriza kukondera owerenga ngati simunasinthe chilichonse. Ndi dzina lolondola, wolemba amangodikira owerenga omwe anali kale mkati kuti amalize, zomwe pa chitsanzo chathu ndi mamilisekondi ochepa chabe.

Koma pali lonjezo lomwe mukupanga posankha loko imeneyi, ndipo apa m'pomwe ndinakhalitsapo. Mukulonjeza kuti palibe thiredi yomwe idzatenge loko yowerengera kawiri isanaimasule. Taganizani ntchito ya `werengani_bilu()` yomwe imatenga loko, kenaka n'kuitana `pezani_mtengo()` yomwenso imatenga loko yomweyo. Pa loko yokondera owerenga zimenezi sizivuta, n'chifukwa chake zimatha kukhala m'pulogalamu nthawi yaitali osaonekera. Pa loko yatsopanoyi zimatha chonchi: wowerenga walowa koyamba, wolemba wafika n'kuyamba kudikira, wowerenga uja akufuna kulowa kachiwiri koma akuuzidwa kuti adikire wolemba. Wolemba naye akudikira wowerenga yemweyo kuti atuluke. Owerenga ena onse amadzaunjikana pambuyo pawo, purosesa imangoti zii, ndipo pulogalamu yonse imaima. Kuipa kwake n'koti zimachitika pokhapokha wolemba akafika pakati penipeni pa kutenga kuwiriko, motero mayeso wamba sazigwira.

Ndinatsata ndi `grep -rn rdlock` malo onse omwe loko imatengedwa, n'kuona ntchito iliyonse yomwe imaitanidwa loko ili m'manja. Pomwe panali kutenga kawiri ndinagawa ntchitoyo pawiri: `pezani_mtengo()` yomwe imatenga loko, ndi `pezani_mtengo_mkati()` yomwe imaitanidwa ndi yemwe wagwira kale loko. Anthu olemba mu Go ali ndi lamulo lomweli, popeza `sync.RWMutex` nayo imaimitsa owerenga atsopano wolemba akamadikira, ndipo malangizo ake amaletsa kutenga `RLock` kawiri.

Njirayi inandikwanira chifukwa wolemba wanga ndi mmodzi ndipo amabwera mwa apo ndi apo. Olemba akakhala ambiri n'kumatsatizana, vuto limatembenuka, owerenga ndiwo amamanidwa mpata. Komanso `_np` ija ikutanthauza kuti si makina onse omwe ali nayo. Zikatero mutha kuika chipata, chomwe ndi mutekisi wamba, `pthread_mutex_t`, loko yolola mmodzi yekha pa nthawi imodzi, yomwe aliyense amadutsapo:

```c
pthread_mutex_lock(&chipata);
pthread_rwlock_wrlock(&loko);   /* wowerenga: rdlock */
pthread_mutex_unlock(&chipata);
```

Wolemba amadikira atagwira chipata, choncho palibe wowerenga watsopano angalowe, ndipo omwe ali mkati amatha pang'onopang'ono. Wolemba wotsatira naye amayenera kulimbirana chipatacho ndi owerenga omwe akudikira. Dziwani kuti mutekisi wamba salonjeza kuti wofika poyamba ndiye alowe poyamba, ndiye chilungamo chake si chotheratu. Mtengo wake ndi woti wowerenga aliyense tsopano amakhudza chipata, ndipo kutenga loko kawiri n'koletsedwabe.

Chomaliza chomwe ndinachita chinali kufupikitsa nthawi yomwe wolemba amakhala mkati, pakuti tsopano akalowa aliyense amaima. Poyamba ankawerenga fayilo ya mitengo atagwira loko. Pano amamanga tebulo latsopano lonse kunja, n'kutenga loko, kusintha poyinta kuti iloze tebulo latsopanolo, n'kumasula. Tebulo lakale amalifufuta ndi `free` atamasula kale loko. Zimenezi n'zotetezeka pokhapokha ngati palibe wowerenga yemwe amatuluka ndi poyinta yoloza mkati mwa tebulo, choncho `pezani_mtengo()` imakopera mtengowo n'kubweza kopeyo isanamasule loko.