Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Kalata yopita ku banki

Paja gawo lapita ndinathera pomwe malonda a zida zomangira anagwa, makasitomala omwe ankaoda zambiri atasiya kumanga. Ndikachotsa lendi, malipiro a anyamata ndi yooderanso katundu, pamwezi pankatsala 130,000 basi, koma banki inkafuna 186,000. Loni inali itatsala 1,800,000, miyezi 12, ndiye kuti 150,000 ya ngongole yeniyeni kuphatikiza 36,000 ya chiwongola dzanja cha 2 peresenti pamwezi.

Kalata yopempha banki kuti isinthe kalipiridwe ka loniyo ndinalemba ndisanaphonye mwezi ndi umodzi womwe, ndipo ichi ndimauza aliyense mpaka lero. Ngongole ikadutsa masiku 90 osalipidwa mabanki amaiika mgulu la ngongole zoipa, apo nkhani imayamba kukhala ya chikole, koma ukapita mbiri yako ikadali yoyera amakhala nawe pansi nkumamva.

Pamwamba ndinaika nambala ya loni ndi ndalama yotsala. Kenako ndime imodzi yokha yofotokoza chomwe chagwetsa malonda, osalira ayi, chifukwa amene amawerenga kalatayo amakaitula kwa mabwana ake ndipo kumeneko amafuna manambala. Ndiye ndinamata masitetimenti a miyezi 6 kuti adzionere okha mmene ndalama zolowa zatsikira, ndi pepala la zomwe ndikuyembekeza kulowa ndi kutuluka mwezi ndi mwezi.

Pempho lenilenilo ndinalemba chonchi: "Ndikupempha kuti miyezi 3 ikubwerayi ndizilipira chiwongola dzanja chokha, 36,000, kenako 1,800,000 ija muigawe pa miyezi 24, ndizipereka 75,000 kuphatikiza chiwongola dzanja." Mwezi woyamba wa miyezi 24 ija imakwana 111,000 nkumatsika pang'onopang'ono, pansi pa 130,000 ija. Ndinasiya dala kampata kameneko, chifukwa ukalonjeza yonse yomwe uli nayo, mwezi umodzi ukangovuta waphonya pangano lachiwiri, ndipo lachitatu nkovuta kuti akupatse.

Zimenezi sizaulere abale anga. Pa dongosolo lakale chiwongola dzanja chonse chikanakwana 234,000, pa latsopanoli chinafika 558,000, kuposa kuwirikiza kawiri. Ndinawerengetsa usiku mtima ukuwawa, komabe shopu yotsekedwa siingabweze ngongole. Nchifukwa chake ndinaonjezera mzere wopempha kuti zinthu zikayenda bwino andilole kulipira msanga popanda chindapusa.

Nditakapereka ndinapempha kuti adinde kope langa ndi deti. Bambo wa za ngongole anawerenga nkunena kuti, "Mayi, pitirizani kulipira zomwe mungathe, kalatayi simgwirizano, pangano lakale likugwirabe ntchito mpaka musaine latsopano." Anandichenjezanso kuti pakhoza kukhala fizi yosinthira pangano komanso akhoza kudzaonanso chikole.

Mwezi umenewo ndinagulitsa malata otsala pamtengo wooda kuti 186,000 ikwane. Zomwe anayankha, ndi mbali ya pempho langa yomwe anakana, ndikuuzani gawo likubwerali.