Mmene ndinakonzera zilembo zachimbuuzi nditasintha kukula kwa zinthu pa Windows

Laputopu yanga ili ndi sikirini ya mainchesi 14 yokhala ndi mapikiselo 1920 chopingasa ndi 1080 chotsika. Pa sikirini yaing'ono choncho zilembo zimakhala ting'onoting'ono, ndiye ndinalowa mu `Settings`, kenako `System`, kenako `Display`, n'kukweza kukula kwa zinthu kuchoka pa 100% kufika pa 150%. Maso anapumadi. Koma mapulogalamu awiri amene ndimagwiritsa ntchito tsiku lililonse, ina yakale yowerengetsera katundu ndi ina yolembera malipoti, anayamba kuonetsa zilembo mwachimbuuzi, pomwe china chilichonse chowazungulira chinkaoneka bwinobwino.

Kusiyana kumeneku ndi kumene kunandilozera njira. Sikirini yonse ikakhala yachimbuuzi, vuto limakhala lina, ndipo nthawi zambiri ndi loti pa `Display resolution` pasankhidwa nambala yosiyana ndi imene yalembedwa kuti `(Recommended)`. Ndinayang'ana, ndipo panali 1920 × 1080 monga mmene payenera kukhalira. Anthu ambiri apa amathamangira ku ClearType, koma iyo imangosalaza m'mphepete mwa zilembo, siichiritsa matenda awa. Ngati mutu wa windo ukuoneka bwino koma zam'kati mwake zili mbuu, dziwani kuti sikirini ilibe mlandu.

Kwa zaka zambiri Windows inkatenga kuti inchesi imodzi ya sikirini ili ndi timadontho 96, ndipo muyeso umenewu ndi umene umatchedwa DPI. Chimene timachiona ngati 100% ndi 96 DPI. Mukasankha 125% ndiye kuti mwapempha 120, pa 150% ndi 144, pa 200% ndi 192. Mapulogalamu akale analembedwa ndi anthu amene ankadziwa 96 yokhayo, moti batani akaliika kuti likhale mapikiselo 80 m'litali, limakhala 80 basi, kaya sikirini ndi yotani. Windows ikanasiya pulogalamu yotere kuti ijambule mmene ikudziwira, pa sikirini ya timadontho tothinana chilichonse chikanatuluka chaching'ono kwambiri. Ndiye kuyambira pa Windows Vista a Microsoft anapeza njira yoinamiza. Pa laputopu yanga, pulogalamu yotere imauzidwa kuti sikirini ndi ya 1280 × 720, imajambula windo yake pa 96 DPI, kenako Windows imatenga chithunzi chomalizidwacho n'kuchikoka kuti chikule. Windo ya 800 × 600 imasanduka ya 1200 × 900. Pikiselo iliyonse imayenera kudzaza malo a pikiselo imodzi ndi theka, ndipo popeza theka la pikiselo kulibe, mitundu ya timadontho toyandikana imasakanizidwa. Mzere wakuda wopyapyala wa chilembo umasanduka wotuwa, wofalikira mbali zonse. N'chimodzimodzi ndi kukulitsa chikalata pa makina a fotokope: chimakuladi, koma palibe chatsopano chimene chawonjezedwa.

Chotsatira chinali kudziwa kuti pulogalamu iliyonse mwa awiriwa ndi ya mtundu wanji, chifukwa mankhwala ake amasiyana. Ndinatsegula `Task Manager`, n'kupita pa `Details`, n'kudina kumanja pamitu ya mizere, kusankha `Select columns`, ndi kuchonga `DPI Awareness`. Mzere umenewu unabwera mu Windows 10 ya mu 2019, ndipo mu Windows 11 ulimonso. Yowerengetsera katundu inalembedwa kuti `Unaware`, kutanthauza kuti za DPI siidziwa chilichonse. Yolembera malipoti inalembedwa kuti `System`. Mapulogalamu amene ankaoneka bwino ambiri anali `Per-Monitor` kapena `Per-Monitor (v2)`, omwe amamva Windows ikawauza kuti DPI yasintha ndipo amajambulanso zonse pomwepo. `Per-Monitor` inabwera ndi Windows 8.1, `Per-Monitor (v2)` mu 2017.

Ndinayamba ndi ya malipoti chifukwa ndiyo yosavuta. Pulogalamu ya `System` imadziwa kujambula pa DPI yaikulu, koma imafunsa kamodzi kokha, pamene ikutsegulidwa, ndipo siifunsanso. Yanga inali yotsegula pamene ndinkasintha kukula, choncho inapitiriza kujambula pa 96 ndipo Windows inkaikoka ngati inzake ija. Ndinaitseka n'kuitsegulanso, zilembo zinabwerera mwakale. Zikakanika kutero, tulukani mu akaunti yanu ndi `Sign out` n'kulowanso, chifukwa poyamba Windows inkakhazikitsa nambala imeneyi pa nthawi yolowa ndipo inkakhala yomweyo mpaka mutatuluka. Mu Windows 10, pansi pa `Advanced scaling settings`, muli batani lolembedwa kuti `Let Windows try to fix apps so they're not blurry`. Dzinalo limalonjeza zambiri, koma ntchito yake kwenikweni ndi yothandiza mapulogalamu a mtundu uwu kutenga DPI yatsopano ya sikirini imene Windows imaitenga ngati `main display` akatsegulidwanso. Pulogalamu ya `Unaware` siipindula nalo.

Pali malire amodzi amene ndinawapeza nditalumikiza sikirini yachiwiri ya mainchesi 24, imene ndimaisiya pa 100%. Ndikakokera pulogalamu ya malipoti kumeneko, chimbuuzi chimabwerera, ulendo uno chifukwa ikujambula pa 144 ndipo Windows ikuichepetsa kufika pa 96. Pulogalamu ya `System` imaoneka bwino pa sikirini imene DPI yake ikufanana ndi ya `main display` basi. Ngati mumaigwiritsa ntchito kwambiri pa sikirini yakunja, sankhani sikiriniyo mu `Display`, chongani `Make this my main display`, kenako tsekani pulogalamuyo n'kuitsegulanso. Kuti ioneke bwino pa masikirini onse awiri, pokhapokha onse akhale pa muyeso umodzi.

Yowerengetsera katundu ndi imene inafuna kuleza mtima. Ndinapeza fayilo yake ya `.exe`, kudina kumanja, `Properties`, kenako `Compatibility`, kenako batani la `Change high DPI settings`. M'bokosi limene limatsegukalo muli zigawo ziwiri. Chapamwamba, `Program DPI`, chimangosankha ngati pulogalamu itenge DPI ya nthawi imene munalowa mu Windows kapena ya nthawi imene mukuitsegula, ndiye n'chothandiza kwa za `System` zija. Chimene ndinkafuna chinali chapansi, `Override high DPI scaling behavior`, chomwe chili ndi zosankha zitatu. Mukasintha chilichonse apa, muyenera kutseka pulogalamuyo kotheratu, apo ayi simuona kusintha.

`System` ndi kukoka chithunzi kuja, kumene kunali kukuchitika kale, ndiye sindinataye nako nthawi.

`Application` imauza Windows kuti ichotse manja ake, isanamizenso pulogalamuyo ndipo isakoke kalikonse. Nditatsegula, chimbuuzi chinatheratu. Koma apa m'pamene muyenera kuyang'anitsitsa musanasangalale. Mapulogalamu akale ambiri amayeza zilembo m'njira yotsatira DPI, pomwe mabokosi, mabatani ndi tizithunzi amaziyeza ndi mapikiselo osasintha. Kwa ine zilembo zinakula kufika pa 150%, koma mabokosi ake anatsala pa 100%. Mawu a pa mabatani anadukira pakati, mizere ya tebulo inapanikiza zilembo m'munsi, ndipo tizithunzi ta pamwamba tinali tating'ono moti kulozapo mausi kunali ntchito. Choopsa kwambiri chinali pa mzere wa chiwerengero cha katundu, pomwe nambala yaitali sinkakwana ndipo mbali ina inkabisika. Zilembo zachimbuuzi zimatopetsa maso, koma nambala yodulidwa ikhoza kukulembetsani zolakwika. Pa mapulogalamu ena, `Application` imangochititsa kuti zonse zikhale zazing'ono mofanana popanda chosokonekera, ndipo ngati maso anu akulola, palibe vuto. Kuti mudziwe, musamangoona windo yoyamba. Tsegulani mabokosi ofunsa mafunso, malo osinthira zinthu, ndi poonetsera chikalata musanasindikize, chifukwa zolakwika zimabisala kumeneko.

Chinatsala ndi `System (Enhanced)`, chimene chinabwera mu Windows 10 mu 2017. Apa pulogalamu imanamizidwabe kuti ili pa 96, choncho mabatani ndi mabokosi sasuntha m'malo mwake. Kusiyana n'kwakuti ikapempha Windows kuti ilembe chilembo kapena kujambula mzere, Windows imazijambula pa kukula kwakukulu kuyambira pachiyambi m'malo mokoka chithunzi pambuyo pake. Zimatheka pa mapulogalamu okhawo amene amajambula kudzera mu GDI, njira yakale ya Windows yolembera zinthu pa sikirini. Zojambulidwa ndi njira zina monga GDI+ kapena DirectX sizisintha, ndipo tizithunzi timakokedwabe. Palinso kanthu kena: njirayi imajambula pa miyeso yathunthu, monga 200% kapena 300%, ndiye pa 150% imayamba yajambula pa 200% kenako n'kuchepetsa. Zotsatira zake n'zabwino kwambiri kuposa kukoka, ngakhale sizifika pa za pulogalamu yamakono.

Pa pulogalamu yangayi zinayenda. Zilembo za m'matebulo ndi pa mabatani zinayera, manambala onse anakwana m'malo mwake, tizithunzi tokha n'timene tinatsala mbuu, ndipo ine za tizithunzi sindidandaula. Ndinaona kuti mipata ya pakati pa zilembo m'malo ena sinali yofanana bwino. Zimenezi zimachitika chifukwa pulogalamu imayeza utali wa mawu pa 96 pomwe mawuwo akujambulidwa pa muyeso wina. Ngati kwa inu zilembo zikukwerana, kapena mbali ina ya windo sikujambulidwa bwino, ndiye kuti njirayi siikugwirizana ndi pulogalamu yanu. Zikatero mwatsala ndi kusankha pakati pa chimbuuzi cha `System` ndi kuchepa kwa `Application`, kapena kufufuza ngati opanga pulogalamuyo anatulutsa yatsopano. Ine ndikanati ndisankhe pakati pa ziwirizi pa pulogalamu ya manambala, ndikanapirira chimbuuzi.

Pa bokosi la `Custom scaling`, limene limalola kulemba nambala iliyonse kuyambira 100 mpaka 500, sindinakhudzepo ndipo sindilangiza munthu kuyambira pamenepo. Limaika muyeso umodzi pa masikirini onse, limafuna kutuluka mu akaunti nthawi iliyonse mukasintha, ndipo Windows yeniyeniyo imachenjeza kuti zinthu zina zikhoza kusawerengeka.

Zimene mwasankha pa `Compatibility` zimasungidwa motsatira malo enieni amene fayilo ya `.exe` ili. Kuti muone mapulogalamu onse amene munawasinthapo, lembani izi mu `Command Prompt`:

```
reg query "HKCU\Software\Microsoft\Windows NT\CurrentVersion\AppCompatFlags\Layers"
```

Pafupi ndi dzina la fayilo mupeza `HIGHDPIAWARE` ngati munasankha `Application`, `DPIUNAWARE` ngati ndi `System`, kapena `GDIDPISCALING DPIUNAWARE` ngati ndi `System (Enhanced)`. Lamuloli limangowerenga, silisintha kanthu. Limathandiza pamene chimbuuzi chabwerera mwadzidzidzi: pulogalamu ikaikidwa mu foda ina, kapena yatsopano ikabwera ndi dzina lina la fayilo, zimene munasankha zimatsalira pa malo akale ndipo muyenera kuzichitanso pa fayilo yatsopanoyo. Mapulogalamu ena amakhalanso ndi kafayilo koyambitsira kamene kamangotsegula fayilo ina n'kudzitseka. Zikakhala choncho, kusintha kafayilo koyambako kukhoza osathandiza. Tsegulani pulogalamuyo, ipezeni pa `Details` mu `Task Manager`, dinani kumanja, sankhani `Open file location`, ndipo sinthani fayilo imene yakulozeraniyo.