Malipiro a Febuluwale ndi masilaidi a mwana wa atachimenti

Sabata yatha ndi ija timalipira alimi a tiyi, nde amene mumagwira kumbali ya makompyuta m'maofesi a kuno ku Mulanje mukudziwa kale kuti sabata yotere munthu sugona bwino. Lolemba ndi Lachiwiri panalibe zachilendo, purinta ya kwa akauntanti kudya mapepala monga mwa masiku onse, kalaki wina kuiwala pasiwedi, ndi sikelo ya kushedi ina cha ku Limbuli imene inasiya kutumiza makilo chifukwa mvula inalowa m'kabokosi ka mawaya. Zimenezo tinakonza. Nkhani ili pa Lachitatu.

Sisitimu yathu inapangidwa ndi kakampani kena zaka zinayi zapitazo, anatenga ndalama zawo nkupita, foni sayankhanso. Detabesi yake ndi PostgreSQL, ili pa seva yokalamba imene ndakhala ndikuidandaula. Mlimi akabweretsa masamba kushedi kalaki amayeza, ndipo muyezo uliwonse umakhala mzere umodzi mu tebulo lotchedwa `zolemera`, muli nambala ya mlimi, tsiku ndi makilo. Pano mizere yafika 2.4 miliyoni. Pulogalamu ya malipiro imatenga alimi 5,000 mmodzimmodzi, kwa aliyense nkufunsa detabesi kuti mwezi uno wabweretsa makilo angati.

Madamu akauntanti anayiyambitsa mmawa. Pofika 11 koloko inali isanathe, magetsi nkuzima, ndipo poti mabatire a yupiesi anafa chaka chatha (ndinalemba memo, inakathera m'dilowa la winawake) seva inazima pomwepo jenereta isanalire. Pulogalamuyi ikadukiza imayambira pa mlimi woyamba. Panja alimi anali atadzaza kale pansi pa mtengo wa mango, ena achoka kwawo usikusiku, ena ali ndi ana kumbuyo, ndipo bambo wina wachikulire anandiimitsa pakhonde nati, "Mwana wanga, tiuzeni chilungamo, ndalamazo zilipo kapena tizipita?" Ndinasowa choyankha. Mkati abwana akungoti vuto ndi netiweki. Kwa iwo chilichonse chochedwa ndi netiweki.

Ndinakhala pansi nkutenga funso limene pulogalamu imatumiza, ndikuyesa pa mlimi mmodzi:

```sql
EXPLAIN ANALYZE
SELECT sum(makilo) FROM zolemera
WHERE mlimi_id = 4417
  AND tsiku >= '2025-02-01' AND tsiku < '2025-03-01';
```

Yankho linati `Seq Scan on zolemera`, mmunsi mwake `Rows Removed by Filter: 2399988`. Tanthauzo lake, kuti ipeze mizere 12 ya mlimi ameneyu inawerenga tebulo lonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, nkutaya ina yonseyo. PostgreSQL imasunga zinthu m'mapeji a makilobaiti 8, tebulo lathuli lili ndi mapeji pafupifupi 18,500, ndipo pa seva yathu kuwerenga onsewo kumatenga masekondi awiri. Chulukitsani ndi alimi 5,000 mupeza masekondi 10,000, pafupifupi maola atatu. Chaka choyamba tebulo lili laling'ono palibe anaona vuto, lakhala likukula pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi mpaka lero latikwana.

Tili ndi mtsikana wa atachimenti wochokera kukoleji, wofatsa kwambiri moti anthu amangomutuma fotokope. Anasuzumira pasikirini nati, "Achimwene, kodi pa `mlimi_id` palibe indeksi? Tinaphunzira semesita yathayi, masilaidi ake ndili nawo." Ndinayang'ana ndi `\d zolemera`, inalipo ya `id` yokha imene imabwera ndi `PRIMARY KEY`. Akampani aja analumikiza `mlimi_id` ku tebulo la alimi ndi `FOREIGN KEY`, mwina ankaganiza kuti zakwana, koma PostgreSQL siyikira indeksi yokha pa kolamu yolozayo, umayenera kuyika wekha.

Chovuta sichinali kuyika, chinali kupeza chilolezo, poti kuno kukhudza detabesi tsiku la malipiro umafunika siginecha ya madamu, ndipo madamu safuna kusaina chinthu chimene sakuchimva. Pamenepo sindiwanena, ndalama ndi za anthu. Nde mtsikana uja anatsegula laputopu yake patebulo la madamu, ine ndangoima pambali.

Anayamba ndi buku la nyimbo la kutchalitchi. Akuti mukafuna nyimbo koma nambala mwaiwala simutsegula buku lonse tsamba ndi tsamba, mumapita pa mndandanda wa mizere yoyamba umene anausanja mwa afabeti, mumapeza nambala nkupita molunjika. Nyimbozo sizinasunthe, mndandandawo ndi wongowonjezera. Indeksi nayo sisintha tebulo, ndi kabuku kapadera kosanjidwa bwino, kamene pa nambala ya mlimi iliyonse kamanena peji ndi malo pamene mzere wake uli.

Madamu anafunsa funso labwino: "Nanga mndandandawo ukakhala ndi mizere 2.4 miliyoni, si vuto lomwelo?" Apa ndi pamene silaidi yachithunzi inagwira ntchito. Pamwamba analemba `B-tree`, mmunsi kabokosi kamodzi kokhala ndi mivi yopita ku mabokosi ena, ndipo iwonso mivi yopita ku mzere wautali wa mabokosi pansi penipeni. Kabokosi kalikonse ndi peji imodzi. Peji ya pamwamba mulibe alimi, muli malire okha, ikuti manambala oyambira apa kufika apa pita uku, oyambira apa pita uko. Mukufuna 4417, mwaona kuti ili pakati pa malire awiri, mwatsika muvi umenewo. Peji yachiwiri ikugawanso kachigawo kameneko mochepetsa, mwatsikanso. Yachitatu ndi ya pansi, imene pa silaidi analemba `leaf`, mmenemo ndi mmene muli 4417 weniweni ndi adiresi za mizere yake m'tebulo.

Tinawerengera limodzi pa kalikyuleta ya madamu yomweyo. Peji imodzi ya pansi imalowa tizolemba pafupifupi 370, nde mizere 2.4 miliyoni ifuna mapeji 6,500 kapena kuposerapo pang'ono. Peji ya pakati imatha kulozera mapeji mazana angapo, choncho mapeji apakati 20 ndi kanthu akwanira kulozera onsewo, ndipo peji imodzi ya pamwamba ilozera 20 amenewo malo nkutsala. Masitepe atatu basi. Kenako mizere 12 ya mlimi, poti anabweretsa masiku osiyana ili m'mapeji osiyana a tebulo, tinene mapeji 12. Pamodzi 15, m'malo mwa 18,500. Chinandisangalatsa ndi pamene mwanayo ananena kuti ngakhale tebulo litakula kakhumi mtengowo sungawonjezere kuposa sitepe imodzi, chifukwa sitepe iliyonse imachulukitsa ndi mazana. Silaidi yomaliza inali ndi mayina a Rudolf Bayer ndi Edward McCreight ndi chaka cha 1972. Madamu anangoti, "Ndiye chinthu cha 1972 ife tilibe?" nkusaina.

Tinagwirizana kuyika makolamu awiri, mlimi poyamba tsiku pambuyo. Mwanjira imeneyi zolemba za 4417 zimakhala moyandikana, ndipo mkati mwake zasanjidwa mwa tsiku, nde imangotsika pa 1 Febuluwale nkuyenda chammbali mpaka mwezi utatha, osakhudza zaka zina zija.

```sql
CREATE INDEX CONCURRENTLY idx_mlimi_tsiku
ON zolemera (mlimi_id, tsiku);
```

`CONCURRENTLY` ndinayika dala. Popanda mawu amenewo, nthawi yonse imene indeksi ikumangidwa palibe angalembe mu tebulolo, kuwerenga kokha, pomwe makalaki kumashedi anali mkati moyeza masamba a tsikulo ndipo nyengo ya mvula ino mzere wa madengu sudikira munthu. Kuipa kwake imachedwerapo poti imadutsa tebulo kawiri, komanso ikadukiza pakati imasiya chinthu chopunduka.

Eti inadukizadi. Jenereta inatha dizilo ili mkati, poti amene amasaina za mafuta anali ku msonkhano ku Blantyre. Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni, ndinatuluka kaye panja kuti ndisayankhule zoti ndikadzanong'oneze bondo. Dalaivala wa thirakitala ndi amene anatipulumutsa ndi chigubu chake. Seva itadzuka `\d zolemera` inaonetsa indeksi ija ilipo koma kumapeto kwake kuli `INVALID`. Anzanga chenjerani napo apa, chifukwa dzina mukuliona ndipo mukhoza kuganiza kuti zatheka, koma detabesi siigwiritsa ntchito pofufuza, ingokhalapo ngati katundu. Mankhwala ake ndi `DROP INDEX idx_mlimi_tsiku;` nkumanganso. Ulendo uno inatha bwinobwino mphindi zochepa.

`EXPLAIN ANALYZE` yomwe ija tsopano inatchula `idx_mlimi_tsiku`, `Seq Scan` yasowa, nthawi yatsika kufika pa mamilisekondi ochepa. Madamu anayambitsanso malipiro, anapita kukathira madzi m'ketulo, pobwera anapeza yatha. Anayamba akayika, anatenga alimi angapo nkuyerekeza ndi malisiti a kushedi pamanja, makilo ndi omwewo. Alimi anayamba kulandira cha m'ma 3 koloko, a kutali anafika kwawo kutada, mvula ili pamsana.

Lachinayi abwana atamva anabwera ndi nzeru yoti tiyike indeksi pa kolamu iliyonse, "kuti zonse zizithamanga." Ndinakana. Iyi imodzi yadya mamegabaiti 50 ndi kanthu pa tebulo la 145, malo si nkhani kwenikweni, nkhani ndi yoti kalaki akalowetsa muyezo umodzi detabesi imalemba mu tebulo kenako mu indeksi iliyonse, pamalo pake oyenera, ndipo peji ikadzaza imang'ambidwa pawiri. Mukayika khumi ndiye kuti muyezo uliwonse ukulembedwa malo khumi ndi amodzi, pa seva imene ikupuma movutika kale.

Anabweranso masana kuti ripoti yawo ya makilo a tsiku limodzi a alimi onse sinasinthe liwiro, ndiye mwakonza chani. Sinakasintha. Indeksi yathu yasanjidwa mwa mlimi poyamba, masiku ali omwazikana mkati mwa mlimi aliyense, nde funso lopanda nambala ya mlimi lilibe poyambira pamtengo paja. Imeneyo ikufuna yakeyake ya `tsiku`, ndipo ndidzayika malipiro akatha poti amayifunsa tsiku ndi tsiku. Koma ya chaka chonse imene amapita nayo ku bodi, ngakhale indeksi ikhalepo PostgreSQL ikhoza kusankhabe `Seq Scan`, ndipo sikulakwitsa, ukafuna chigawo chachikulu cha tebulo kuwerenga motsatana kumafulumira kuposa kudumphadumpha.

Lachisanu ndinakhalira bakapu ndi kulembanso memo ya mabatire, ulendo uno ndaikamo maola amene alimi anakhala panja. Mu ripoti ya sabata imene abwana anatumiza kumtunda alembamo kuti kuchedwa kunali kwa netiweki ndipo "ofesi yakonza". Dzina la mtsikana uja mulibe. Fomu yake ya kukoleji ndimasaina ndine, ndiye za Lachitatu ndazilemba mmenemo zonse, ndipo Lolemba ndamuuza kuti fotokope azipanga eni ake, iye tikhala limodzi tione mafunso ena amene pulogalamu ija imatumiza.