Mmene ndinachitira maere a mphoto ya zitenje popanda wodandaula kuti ndakondera

Ndimagulitsa zitenje kudzera pa tsamba langa la Facebook, ndipo nditafuna kupereka zitenje ziwiri ngati mphoto, chimene ndinkaopa kwambiri ndi mawu oti "wapatsa mbale wake". Mawu amenewa akangoyamba kuyenda, makasitomala amathawa. Choncho ntchito ndinaiyambira pa malamulo, ndisanatsegule n'komwe Google Sheets, pulogalamu ya pa intaneti yopangira matebulo.

Malamulowo ndinawalemba mu positi yomweyo ya mpikisano, munthu aliyense asanalembe ndemanga. Wofuna kulowa ankayenera kutchula mtundu wa chitenje chimene amakonda ndi boma limene akukhala. Munthu mmodzi amalowa kamodzi, ndipo akalemba kambiri timawerenga ndemanga yoyamba yokha. Ndinatchula tsiku ndi ola lotsekera, 8 koloko usiku nthawi ya kuno ku Malawi, chifukwa ena amanditsatira ali ku Ulaya. Ndinanenanso kuti a pabanja langa ndi mtsikana amene amandithandiza pa shopu saloledwa, kuti wopambana akapanda kuyankha pa masiku atatu mphoto ipita kwa wachiwiri, ndiponso kuti kulowa ndi kwaulere ndipo sindidzapempha ndalama kwa wina aliyense.

Lamulo lomalizali musalisiye. Akamberembere amatsegula tsamba lofanana ndi lanu, n'kumayankha anthu pansi pa positi kuti "mwapambana, tumizani ya thiransipoti". Anthu akawerengeratu kuti inu simupempha kanthu, sapusitsidwa msanga. Dziwaninso kuti malamulo a Facebook salola kuti anthu azilowa mpikisano pogawa positi pa tsamba lawo kapena potchula anzawo, ndipo amafuna munene poyera kuti Facebook sikukhudzidwa ndi mpikisano wanu. Ndinalemba chiganizo chimodzi chonena zimenezo pansi penipeni.

Ola lotseka litakwana ndinajambula vidiyo ya sikirini ndikutsetsereka ndemanga zonse, wotchi ya kompyuta ikuoneka pakona. Apa pali msampha. Facebook imayamba kukuonetsani ndemanga zimene yasankha yokha, pansi pa mawu oti "Most relevant", ndipo zina imazibisa. Sinthani kuti pakhale "All comments", kenako pitirizani kutsegula zotsala mpaka zitatha. Mukapanda kutero mudzachotsa anthu osalakwa osadziwa, ndipo umboni wake ndi woti chiwerengero chanu chidzachepa kwambiri poyerekeza ndi chimene chalembedwa pansi pa positi. Sichifanana ndendende nthawi zonse, poti mayankho a pansi pa ndemanga amawerengedwanso, koma kusiyana kwakukulu kukuchenjezeni.

Kenako ndinakopera zonse mu tebulo. Kolamu A inali ya dzina, B ya linki ya tsamba la munthuyo, C ya zimene analemba. Mwina mufunsa kuti linki ndi yachiyani pomwe dzina lilipo. Kwathu kuno anthu a dzina limodzi ndi mfunda umodzi ndi ambirimbiri, ndipo pa mndandanda wanga panali amayi awiri osiyana a dzina lofanana ndendende, wina wa ku Dedza wina wa ku Zomba. Ndikadachotsa obwereza poyang'ana dzina, mmodzi akadatayidwa popanda chifukwa. Koma linkiyo isamaleni: mukaikopera pa ndemanga imabwera ndi mchira wautali wokhala ndi `comment_id`, umene umasiyana pa ndemanga iliyonse. Mchirawo uduleni, apo ayi tebulo liziona munthu mmodzi ngati anthu khumi.

Ndemanga zonse zinakwana 214. Kuti ndipeze obwereza, mu kabokosi ka D2 ndinalemba fomula iyi n'kuikokera mpaka pansi:

```
=COUNTIF($B$2:B2, B2)
```

Fomulayi imawerenga kuti linki imeneyi yaoneka kangati kuchokera pamwamba kufika pa mzere umene muli. Ndemanga yoyamba ya munthu imalandira 1, yachiwiri 2, choncho basi. Ndinasanja ndemanga kuyambira yakale kwambiri kuti 1 akhaledi woyamba, monga malamulo ananenera. Mizere 31 inali ndi nambala yoposa 1, ndipo 11 mwa iyo inali ya bambo mmodzi amene analemba ka 12. Sindikuwaimba mlandu, anali ndi chidwi, koma kuwerenga ndemanga zawo zonse kukadawapatsa mwayi kuwirikiza ka 12 kuposa mayi amene anamvera lamulo n'kulemba kamodzi.

Sindinafufute mzere ngakhale umodzi. Mu kolamu E ndinkalemba "eya" kapena "ayi", ndipo mu F chifukwa chake: wabwereza, sanayankhe funso, wachedwa, kapena ndi wa m'nyumba. Kupatula obwereza aja, 9 anangolemba kuti "ndikufuna" osatchula chitenje kapena boma, 6 analemba ola litadutsa, ndipo 5 anali abale ndi mayankho anga omwe. Otsala anali 163. Pamene ndinaganiza kwambiri ndi pa anthu amene analemba dzina la tauni m'malo mwa boma, monga Limbe kapena Liwonde. Ndinawalola onse, chifukwa funso analiyankha ndipo kuwachotsa kukadakhala kufunafuna zifukwa. Chofunika ndi kugamula nkhani zotere maere asanachitike, ndi muyezo umodzi kwa aliyense.

Pa pepala lachiwiri la tebulo ndinatulutsa ovomerezeka okha:

```
=FILTER(Sheet1!A2:B215, Sheet1!E2:E215="eya")
```

Ndinakopera zotulukazo n'kuzimatanso ndi Ctrl+Shift+V kuti zikhale mawu wamba osasinthanso, kenako ndinapatsa aliyense nambala yake, 1 mpaka 163, mu kolamu yakeyake. Musadalire manambala a m'mbali mwa tebulo. Mzere woyamba umakhala wa mitu, ndiye munthu wa nambala 57 amakhala pa mzere 58, ndipo pa tsiku la maere chisokonezo chaching'ono chotere chimabala mkangano.

Mndandanda wa manambala ndi mayina, wopanda malinki, ndinauika pa tsamba tsiku lathunthu maere asanachitike, n'kunena kuti amene sakudziona alankhule tsopano. Kwa ine apa ndiye pagona chilungamo chonse. Kompyuta ingatulutse nambala mosakondera, koma ngati anthu sanaone mndandanda nambala isanatuluke, angaganize kuti munasuntha mayina pambuyo pake, ndipo simungawatsutse. Mnyamata wina anafunsa chifukwa chimene sanapezekemo. Ndinayang'ana kolamu F n'kumutumizira chithunzi cha ndemanga yake ndi nthawi yake, ndipo anavomereza kuti anachedwa.

Maere ndinachitira pa laivi, mlamu wanga atagwira foni moyang'ana sikirini. Fomula yake ndi yaifupi:

```
=RANDBETWEEN(1, 163)
```

Fomulayi sikhazikika. Mukangosintha kalikonse pa tebulo, kapena kulitsegulanso mawa, imatulutsa nambala ina. Ndiye ndinauziratu oonera kuti nambala yoyamba kuoneka ndikadina Enter ndiyo yopambana, palibe kuyesera. Inatuluka 57. Ndinaitchula mokweza, kuilemba pa pepala ndi cholembera pamaso pa kamera, kenako n'kutsetsereka pa mndandanda mpaka pa dzina. Ndinachitanso kawiri kuti ndipeze wachiwiri ndi wachitatu odikirira, ndipo ndinali nditanena kale kuti nambala ikabwereza tichitanso pa malo amenewo okha.

Wopambana ndinamulembera kuchokera pa tsamba lenileni la bizinesi, ndipo nambala yake ya foni ndi kumene akukhala tinakambirana kumbali, osati pagulu. Anayankha mawa lake, zitenje ndinatumiza pa basi, ndipo atazilandira ndinamupempha kaye chilolezo ndisanaike chithunzi chake pa tsamba. Vidiyo ya laivi ndinaisiya pomwepo, ndipo tebulo lokhala ndi malinki a anthu ndinalisunga lotseka mwezi umodzi kuopa madandaulo ochedwa, kenako n'kulifufuta.