Giyabokosi imene inatiotcha manja

Ine ndi mlamu wanga timaumba mabuloko a simenti. Titayamba, mchenga tinkaukweza pa mikisa ndi fosholo, mpaka misana inayamba kudandaula. Ndiye tinapanga lamba wonyamula mchenga, wotalika mamita 9, wokwera mopendekeka madigiri 18 kuchoka pa mulu wa mchenga kufika pakamwa pa mikisa. Felemu tinawotcherera tokha, ndipo ntchito imeneyo sinativute. Chimene chinatizunguza mutu kwa zaka ziwiri ndi kabokosi kokhala pakati pa mota ndi dilamu yokoka lamba.

Mota yathu ndi ya makilowati 2.2, ndipo imazungulira ka 1,450 pa mphindi. Lamba wa mchenga safuna liwiro lotere. Ife tinkafuna kuti aziyenda pafupifupi theka la mita pa sekondi. Dilamu yathu ndi ya mamilimita 250 m'mimba mwake, choncho ikazungulira kamodzi imakoka lamba masentimita 78 ndi theka. Mukawerengera bwino, dilamuyo iyenera kuzungulira ka 38 pa mphindi. Gawani 1,450 ndi 38, mupeza 38 yomweyo, ndipo giyabokosi yapafupi ndi nambala imeneyi ndi ya 40 kwa 1: mota izungulire ka 40, dilamu kamodzi.

Ogulitsa atamva 40 kwa 1 sanachedwe, anatiloza giyabokosi ya wemu. Mkati mwake muli shafuti yachitsulo yokhala ndi mazinga ngati bawuti, imene imatembenuza gudumu la mano la bulonzi. Shafutiyo ikazungulira kamodzi, gudumu limasuntha dzino limodzi lokha, ndiye gudumu la mano 40 limakupatsani 40 kwa 1 ndi magiya awiri basi. Kabokosi kake n'kakang'ono, sikasokosa, ndipo mota imagona motsatira felemu m'malo motulukira kumbali, chifukwa mashafuti ake amapingasana. Inalinso yotsika mtengo kuposa zina zonse. Tinaigula tsiku lomwelo.

Kunena zoona, chaka choyamba inagwira ntchito yake bwino lomwe. Nthawi imeneyo maoda anali ochepa. Lamba ankayenda mphindi khumi, kenako n'kuima theka la ola podikira mikisa, ndipo tsiku lonse sankakwanitsa maola awiri akuyenda. Zinthu zinasintha titagula makina achiwiri oumbira. Lamba anayamba kuyenda maola 10 pa tsiku, kupuma pa nkhomaliro pokha.

Chizindikiro choyamba chinali kutentha. Pofika masana simukanatha kuyika dzanja pa bokosilo ngakhale kwa sekondi imodzi. Kenako penti inasintha mtundu, ndipo oyilo anayamba kudontha pa silo ya shafuti chifukwa labala wake anali atauma n'kung'aluka. Tinasintha silo kawiri, tikuganiza kuti vuto ndi silo. Tsiku lina tinakhuthula oyilo m'beseni, ndipo titamuyang'ana padzuwa ankanyezimira ngati mwathiramo fumbi la golide. Mlamu anangoti, "Alamu, limeneli ndi gudumu lathu likutuluka ndi oyilo." Titatsegula, mano a bulonzi anali atapyapyala nsonga ngati mpeni.

Tinaitana mmisiri wina wachikulire amene anagwirapo ntchito yokonza makina m'mafakitale. Sanayambe ndi kutsegula bokosi. Anafunsa funso limodzi limene wogulitsa sanatifunse: "Kodi achimwene, lambayu amayenda maola angati pa tsiku?" Nditamuyankha anapukusa mutu.

Anatifotokozera kuti mano a magiya ena ambiri amagubuduzika pa anzawo, koma mazinga a wemu amakhula mano a gudumu, ngati munthu akunola mpeni. Kukhulana kumeneko kumadya mphamvu, ndipo mphamvu yodyedwayo imasanduka moto. Wemu ya 40 kwa 1 ya saizi ngati yathu imapititsa pafupifupi magawo 65 pa 100 a mphamvu ya mota. Mota yathu inkagwira ntchito pafupi ndi malire ake, ndiye pa makilowati 2.2 amene ankalowa, dilamu inkalandira pafupifupi 1.4 okha. Otsalawo, oposa 0.7, ankangotenthetsa bokosi. Taganizirani kuika mbaula yaing'ono yamagetsi m'kabokosi kotseka, n'kuisiya yoyaka maola 10. Pamene lamba ankapuma pafupipafupi, bokosi linkapeza mpata wozizira. Mpata umenewo utatha, oyilo ankafika pafupi ndi madigiri 90 kapena kuposa, n'kusungunuka ngati madzi, osathanso kulekanitsa chitsulo ndi bulonzi. Pa mabuku a opanga magiyabokosi a wemu pamakhala malire awiri, a mphamvu imene mano angapirire ndi a kutentha kumene bokosi lingataye. Ife tinayang'ana oyamba okha.

Panalinso kulakwa kwathu kwina, kumene ndimachita nako manyazi. Oyilo atachepa tinkawonjezera amene tinali naye pafupi, wa magiya a galimoto. Ena mwa maoyilo amenewa ali ndi mankhwala a sulufule amene akatentha amadya bulonzi. Ndiye gudumu lija linkadyedwa mbali ziwiri.

Mlamu wanga, amene sakonda kugula chinthu chimene angathe kupanga, ananena kuti tipange bokosi lathu ndi magiya a sipa, aja a mano owongoka. Maganizo ake sanali opusa. Magiya amenewa ndi osavuta kudula, amataya mphamvu yochepa kwambiri, magawo awiri kapena atatu pa 100 pa peyala iliyonse, ndipo sakankha shafuti cham'mbali, choncho mabering'i wamba amakwana. Koma titakhala pansi ndi pensulo tinaona pamene pali msampha. Peyala imodzi ya sipa simungaipitirize kwambiri 6 kwa 1, chifukwa giya yaikulu imakula mopitirira muyeso. Kuti tifike pa 40 tinafunika mapeyala awiri, iliyonse ya mano 18 ndi 114. Ndi mano a saizi ya modyulo 3, giya ya mano 114 imakhala mamilimita 342 m'mimba mwake, yaikulu kuposa dilamu imene ikuyendetsa. Ndipo ziwiri zoterozo.

Nanga phokoso. Dzino lowongoka limagunda linzake ndi m'lifupi mwake monse nthawi imodzi. Giya ya mano 18 pa shafuti ya mota imagunda ka 435 pa sekondi iliyonse. Tinayesa ndi peyala imodzi yakale imene tinali nayo, tinangoiyendetsa pa benchi, ndipo kulira kwake kunali koboola m'makutu. Mlamu anati tiike sipa kumapeto kokha, pafupi ndi dilamu, kumene liwiro ndi lochepa, magiyawo akhale pamtetete opanda bokosi. Pa makina ena zimenezi zimatheka, ndipo mikisa yathu yomwe imayenda ndi giya yaikulu ya mano owongoka imene sinativutitsepo. Koma pansi pa lamba wa mchenga, girizi wosakanikirana ndi mchenga amasanduka phala lonolera. Mano akanatha pa miyezi yowerengeka. Nkhani ya sipa inathera pomwepo.

Inatsala helikolo, ya mano opendekeka. Popeza dzino lake ndi lopendekeka, limayamba kugwira linzake ku nsonga imodzi n'kumalowa pang'onopang'ono, ndipo lisanasiye, lotsatira limakhala litagwira kale. Katundu amagawana mano angapo, n'chifukwa chake helikolo imayenda mwakachetechete ndipo imanyamula zambiri kuposa sipa ya saizi yomweyo. Vuto lake n'lakuti kupendekekako kumakankha shafuti motsatira kutalika kwake, ndiye pamafunika mabering'i otha kupirira kukankha kumeneko. Ichi ndicho chinandichititsa kukana kuti tipange tokha. M'bokosi logula, opanga anawerengera kale zonsezo.

Mmisiri uja anatilembera kawerengedwe ka mphamvu yopotokola shafuti:

```
T = 9550 × P / n
```

Apa T ndi mphamvu yopotokolayo, imene imayezedwa mu Nm, P ndi makilowati, n ndi kuzungulira pa mphindi. Mota yathu imapereka 14.5 Nm. Mukachulukitsa ndi 40 mupeza 580, koma zimenezo n'za papepala. Kudzera mu wemu, dilamu inkalandira pafupifupi 377. Kudzera mu helikolo, imene imapititsa pafupifupi magawo 95 pa 100 ngakhale ili ndi mapeyala atatu mkati, ingalandire 550. Anatiuzanso kuti tisagule bokosi longokwana ndendende. Lamba wa mchenga nthawi zina amadzuka atadzaza, ndipo mchenga wonyowa umagwa mwa zibuma, choncho tinasankha lotha kupirira mphamvu imene lamba amafuna kuwirikiza kamodzi ndi theka.

Helikoloyo inali yokwera mtengo kwambiri kuposa wemu, ndipo tinadikira miyezi itatu kuti tisonkhanitse ndalama. Tinadulanso felemu, chifukwa shafuti ya helikolo imayang'ana mbali imodzi ndi ya mota, ndiye mota inatulukira kumbali pamene pankadutsa wilibala. Koma titayatsa, mita yoyezera magetsi inaonetsa kusintha tsiku lomwelo. Ntchito imene inkafuna makilowati 2.2 tsopano inkafuna pafupifupi 1.5. Pa maola 10, ndi mayunitsi 7 pa tsiku amene tinkalipira kuti tiotche oyilo. Madzulo mukagwira bokosi limakhala lofunda chabe.

Sabata yachiwiri magetsi anazima lamba atadzaza mchenga. Ndinamva kuwayula, ndipo potembenuka ndinaona lamba akuthamangira kumbuyo, mchenga wonse ukukhuthukira pa dilamu yam'munsi, mota ikuzungulira chobwerera mothamanga. Mnyamata amene ankathira mchenga analumpha nthawi yabwino. Chaka chonse chija wemu inkagwira ntchito ina imene sitinkaidziwa. Kukhulana komwe kunkaitenthetsa n'komwenso kunkaletsa gudumu kutembenuza shafuti ya mazinga, ndiye lamba akaima ankangoima. Helikolo, poti sikhulana, imazungulira mbali zonse mosavuta.

Nditamuimbira mmisiri uja anati cholakwa n'chakenso, chifukwa anaiwala kutichenjeza. Koma anawonjezera kuti ngakhale wemu ija sitinkayenera kuidalira ngati buleki. Ikaima imagwira, koma kunjenjemera kwa makina ena apafupi kungathe kuimasula, ndipo ikangoyamba kutsetsereka kukhulana kumachepa, siimanso. Lamba aliyense wokwera phiri amafuna chogwirira chakechake. Tinaika bakisitopu, kachipangizo kolola shafuti kuzungulira mbali imodzi yokha. Pomanga muyenera kusamala kuti mwaiyang'anitsa mbali yoyenera, ndiponso kuti amagetsi asasinthanitse mawaya a mota, chifukwa mota ikadzuka chobwerera imalimbana ndi bakisitopu mpaka china chithyoke. Ife tinayamba tayesa mbali imene mota ikuzungulira isanalumikizidwe ku bokosi.

Wemu ija sitinaitaye. Tinagula gudumu latsopano la bulonzi, tinathira oyilo amene opanga analemba pa chikwangwani chake, n'kuiika pa kalamba kafupi kogona chafulati kamene kamatulutsa mabuloko osweka. Kamayenda mphindi zisanu pa ola, pamalo opanikizika pamene mota yotulukira kumbali sikanakwana. Mwezi watha tinakhuthula oyilo wake, ndipo mlamu anapita nalo beseni padzuwa n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Munalibe golide.