Mmene ndinasinthira zipsepse za pulasitiki n'kuika nthenga pa mivi yanga

Uta wanga unabwera ndi achimwene kuchokera ku Joni, monga zimabwerera zinthu zambiri kuno ku Mangochi. Ndi uta wokhota kunsonga, wopanda mawilo, ndipo muvi umagona pa kashelefu kosemedwa pa chigwiriro penipeni. Anabweretsanso mivi 6 ya kaboni, uliwonse uli ndi timapiko titatu ta pulasitiki kumbuyo, totalika mainchi 4, omwe ndi masentimita 10. Ife a kunyanja timapiko timeneti tinangotitcha zipsepse, poti tikufanana ndi za chambo.

Ndinadzaza thumba ndi mankhusu a mpunga, n'kulipachika kuseri kwa nyumba pa mtunda wa mamita 18. Mivi inkafika ndithu, koma inkachoka pa uta ikugwedeza matako ngati bakha, ndipo pa thumba inkabaya chopendekera. Kwa milungu iwiri ndinkadzida ndekha kuti dzanja langa ndiye lovuta. Amene anandiunikira ndi amalume, omwe paubwana wawo ankasema mivi ya bango. Anatenga muvi umodzi, kuutembenuza, n'kundionetsa chipsepse chimodzi chomwe chinali chitayamba makwinya m'mphepete.

"Iwe, ichi chikumenya penapake," anatero.

"Chikumenya pati, amalume? Inetu sindikumva kanthu."

"Ungamve bwanji muvi ukuthamanga chonchija? Paka kanthu uone."

Ndinabwereka lipisitiki kwa mayi a kunyumba, kupaka m'mphepete mwa zipsepse zitatu zonse, n'kuponya. Pa ngodya ya kashelefu panatsala mzere wofiira. Ndinabwereza katatu, mzere n'kumabwera pomwepo.

Nkhani yake ili chonchi. Nthenga zakumbuyo, kapena zipsepse, ntchito yake ndi kugwira mpweya kuti matako a muvi azitsalira m'mbuyo, nsonga izitsogola. Muvi ukapendekera pang'ono, mpweya umakankha nthengazo n'kuubwezera mu mzere. Koma muvi usanayambe ulendo wake uyenera kudutsa pa uta kaye. Nthenga ya mbalame ikagunda kashelefu imagona, ikadutsa n'kudzukanso, muvi osadziwa n'komwe. Pulasitiki sigona. Ikagunda imadumphitsa matako onse a muvi, ndiye zipsepsezo zimathera mamita oyambirira kukonza vuto lomwe zayambitsa zokha. Zipsepse za pulasitiki anazipangira mauta amene ali ndi kogonekapo muvi kokwezeka, kakang'ono, komwe kamasiya mpata woti chipsepse chidutse osakhudza chilichonse. Pa uta ngati wanga munthu ali ndi njira ziwiri: kumata kogonekapo koteroko, kapena kuika nthenga. Ndinasankha nthenga chifukwa nkhukundembo ndinkadziwa kozipeza.

Nthenga zomwe amagulitsa kunja zoikira pa mivi zambiri ndi za nkhukundembo zomwezo, zikuluzikulu za kunsonga kwa phiko. Za nkhanga ndinaziyesa pambuyo pake, n'zokongola koma zazifupi ndi zofewa. Ndinapempha kwa mayi ena oweta nkhukundembo kuti akapha andisungire, ndipo anandipatsa m'jumbo, zonse pamodzi. Apa mpamene panabisala cholakwa changa, koma ndifikapo.

Kuchotsa zipsepse zakale ndinachita ndi mpeni wobuntha, ndikukankhira kutsogolo mpeniwo utagona. Kaboni safuna lezala wakuthwa, chifukwa ukadula ulusi wake muvi ukhoza kudzathyokera m'dzanja tsiku lina. Guluu wotsala ndinapala pang'onopang'ono, kenako ndinapukuta ndi sipiriti pa kansalu koyera mpaka kansaluko kanasiya kuda. Ukatero usagwirenso malowo ndi zala. Thukuta la ku Mangochi mu Okutobala ndi lokwana kulepheretsa guluu kugwira.

Nthenga iliyonse ndinaing'amba pakati potsata mtima wake, n'kusunga mbali yotambalala. Mtima wotsalawo ndi wokhuthala komanso wokhota, ndiye ndinapana nthengayo pakati pa marula awiri achitsulo ndi chopanira mapepala, mtima wokha n'kutulukira, n'kuukwecha pa sandipepa mpaka unakhala wopyapyala ndi wosalala. Ntchito iyi ndiyo imadya nthawi, ndipo fumbi lake limanunkha ngati tsitsi lopsa. Ndinadula zidutswa za masentimita 10, msinkhu wake sentimita imodzi ndi theka kumbuyo, kumatsika mpaka kuthera kutsogolo. Ndinajambula chithunzi chake pa katoni kuti zonse zifanane, chifukwa nthenga imodzi ikaposa zinzake imakoka muvi kumbali kwake.

Anzathu a kunja ali ndi chipangizo chotchedwa jigi, chomwe chimagwira muvi n'kuutembenuza madigiri 120 ndendende pa nthenga iliyonse. Ine ndinalibe. Ndinazunguliza kapepala pa muvi, kudula pamene kakumana, kukatambasula n'kukagawa patatu ndi rula, kukazungulizanso n'kulemba madontho atatu ndi pensulo. Dontho loyamba liyenera kuyang'ana chopingasa ndi kamphanda kolowa nsinga. Nthenga ya pamenepo amaitcha tambala, ndipo kwa ine woponya ndi dzanja lamanja, muvi uli kumanzere kwa uta, imaloza kumanzere, kutali ndi uta. Ndinaipaka inki yofiira kuti ndisamasake pomanga muvi. Kuchokera pansi pa kamphanda ndinasiya masentimita atatu, apo ayi zala zimaphwanya nthenga pokoka.

Nthenga siimatidwa mowongoka kwenikweni. Mutu wake umapatuka pang'ono kuti mpweya uzizunguza muvi, ndipo kuzungulirako kumabisa tizolakwa ta muvi, monga kukhota pang'ono kapena nsonga yosakhala pakati. Ndinapatutsa mamilimita awiri kumanja, poyang'ana muvi kuchokera kumbuyo, zomwe pa nthenga ya masentimita 10 ndi digiri imodzi ndi kakanthu. Ndinapaka supaguluu wochindikala, kamzere kopyapyala, kukanikiza ndi marula aja, kuwerenga mpaka 30. Guluu akamatuluka m'mbali ndiye kuti wachuluka. Pomaliza ndinadonthezera guluu kumutu ndi kumchira kwa nthenga iliyonse, n'kukulunga ulusi kumutu. Amalume ndi amene anaumirira za ulusiwo, ati mutu wa nthenga ukatukuka umalowa m'dzanja logwira uta ngati minga ya mlamba.

Ndinachita mivi itatu, ina itatu n'kuisiya ndi pulasitiki kuti ndifanizire. M'mawa mwake iwiri inauluka mowongoka moti ndinkangoona kadontho kofiira kakuzungulira. Wachitatu unkalira mokokomeza, kuphepheruka, n'kukagwa kulikonse komwe wafuna.

Ndinauyang'ana madzulo onse osaona vuto. Kenako ndinatenga nthenga zotsala m'jumbo muja n'kuyamba kuzigoneka ina pamwamba pa inzake. Zina zinkagonerana bwino ngati masipuni, zina zinkapandukirana. Nkhukundembo ili ndi mapiko awiri, ndipo nthenga za phiko lamanja zimakhota mosiyana ndi za phiko lamanzere. Nthenga ili ndi mbali yosalala ndi mbali yokhakhala, ndipo payokha imafuna kuzunguza muvi mbali imodzi basi. Za phiko lamanja zimazunguza monga uyendera muvi wa wotchi ukamayang'ana kuchokera kumbuyo, za lamanzere mobwerera. Pa muvi wanga wachitatu ziwiri zinali zamanja, imodzi yamanzere, ndiye zinkakanganirana muviwo mlengalenga. Iwiri ija inangochita mwayi kuti zonse zinali zamanja, zogwirizana ndi mbali yomwe ndinapatutsira.

Phiko lililonse limagwira ntchito, kaya munthu amaponya ndi dzanja liti. Chofunika n'chakuti nthenga zonse pa muvi zikhale za phiko limodzi, ndipo kupatutsa kutsate phikolo. Ine ndakhazikika pa lamanja pa chifukwa chimodzi chaching'ono: nsonga zanga ndi zopotokola ngati bawuti, ndipo muvi wozungulira kumanja ukabaya thumba umazimangitsa, pomwe wozungulira kumanzere umazimasula pang'onopang'ono. Tsopano ndikamapempha nthenga ndimapita ndi majumbo awiri.

Nditakonza wachitatuwo ndinaona chinthu china chomwe sindinkayembekezera. Mivi ya nthenga inkaunjikana pamodzi, koma chakumanja pang'ono kwa pomwe ndinazolowera. Nthenga ndi zopepuka kwambiri: zitatu za mainchi 4 zimalemera pafupifupi theka la galamu, pomwe zipsepse zitatu za utali womwewo zimaposa galamu imodzi ndi theka. Muvi umapindika pochoka pa nsinga, ndipo kulemera kwa kumbuyo kumauchititsa kukhala ngati wolimbirapo. Ukachotsa kulemerako umakhala ngati wofewerapo, ndipo kwa woponya ndi dzanja lamanja muvi wofewa umapita kumanja. Kwa ine kusiyanako kunali kwa zala zitatu pa mamita 18, ndipo ndinakuthetsa pomata kachikopa kopyapyala pa khoma la kashelefu kuti muvi utulukeko pang'ono.

Nthenga zili ndi zovuta zake, ndisanamize munthu. Mvula yoyamba ya mu Disembala itandipeza panja, zinanyowa n'kumatirira ku muvi ngati nkhuku yogwera m'chitsime, ndipo mivi inayamba kuyenda ngati ilibe kanthu kumbuyo. Ya pulasitiki sinasinthe. Nthenga zikanyowa ndimaziumitsa pamthunzi, kenako n'kuziyendetsa pa nthunzi ya ketulo, zimadzukanso bwinobwino. Njenjete nazo zimazikonda, choncho ndimasunga mivi m'paipi yotseka.

Chinanso ndi mtunda. Nthenga zimagwira mpweya wambiri, n'chifukwa chake zimawongola muvi msanga, koma kugwira komweko kumaudyera liwiro. Pafupi muvi wa nthenga umakhala patsogolo chifukwa ndi wopepuka. Ukamatalikira umayamba kufooka msanga kuposa wa zipsepse zosalala. M'mwezi wa Juni ndinapita nayo pa mchenga wa kunyanja m'mamawa kusanadzaze anthu, mwera ukuwomba chopingasa, n'kuponya pa mamita 40. Ya nthenga inkatengedwa ndi mphepo moonekeratu. Mpake kuti oponya pa masewero a Olimpiki, omwe chandamale chawo chimakhala pa mamita 70, amaika tizipsepse tating'ono topyapyala topotana, pa mauta okhala ndi kogonekapo muvi kokwezeka.

Ine ndimaponya pa mamita 18 mpaka 25, pa kashelefu, ndipo miyezi yambiri kuno kumakhala kouma, ndiye nthenga zandiyanja. Mivi itatu ija ya pulasitiki sindinaimatule. Ndaitanitsa kogonekapo muvi komata kwa achimwene, akamabwera pa Khirisimasi, kuti nyengo ya dzinja ndizikamata n'kuponya imeneyo. Lipisitiki uja mwini wake anakana kumulandiranso, ali m'bokosi la zida pamodzi ndi marula.