Chipande chili ndi masamu ake

Abale, dzulo pa mkumano wa mpingo ku Kapata ndine ndinali pa mphika wa ndiwo, nyama ya mbuzi yokhala na supu, anthu 60. Nthawi yapita ndinachita manyazi, ndiwo zinatha anthu 9 akali pa mzere na nsima m'manja, mpaka lero chimaniwawa.

Ulendo uno ninayamba kupima. Ndiwo zisanalowe ninathira madzi mu mphika na jagi ya lita 1 mpaka pamene ndiwo zimafika, malita 15. Ndiye chipande nacho ninachipima, vipande 8 vodzala ndiye vinadzaza jagi, kutanthauza chimodzi ni 125 ml. 15 kuchulukitsa na 8 ni vipande 120, kugawa kwa anthu 60, aliyense viwiri basi.

Koma apa ndiye pali nkhani, vipande 120 ni va papepala. Supu imaphwa pa moto, ina imamatilira pansi, ndipo dzanja likatopa umayamba kutunga mosefukira. So ninachotsapo vipande 10 va pambali, ana ninawapatsa chimodzi chimodzi, anali 14. Nyama imakhala pansi supu pamwamba, ngati suvundula oyamba amwa supu chabe, omaliza adya minofu yokhayokha. Ine nimavundula pakapita mbale 5 zilizonse.

Anthu 30 atalandira ninayang'ana mkati, ndiwo zinali pamwamba pang'ono pa theka, mtima unakhala pansi. Amai abusa anabwera mochedwa anapeza zawo zikali zotentha.